Mafunso ndi Mayankho: Kupeza Dayamita ya Mutu Waung'ono wa Shafiti ya Tepa

Tsamba lino likuyankha mafunso amene amisiri osema zitsulo, okonza zigayo ndiponso ophunzira ntchito za makina ku Chipata ndi m'maboma ozungulira amafunsa kawirikawiri akakumana ndi shafiti ya tepa, ndiye kuti shafiti imene mutu wake umanka nuchepa. Shafiti zotere zimapezeka pamene pakhala pule ya chigayo, pa fulaiwilo ya injini, pa mapampu othirira m'madimba ndiponso pa makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Nthawi zambiri chojambula chimapereka zinthu zitatu zokha, ndizo dayamita ya mutu waukulu, utali wa tepa ndi muyezo wa tepayo, ndipo mmisiri ayenera kudzipezera yekha dayamita ya mutu waung'ono asanayambe kusema.

Kodi manambala monga 1:10 olembedwa pa chojambula amatanthauza chiyani?

Amatanthauza kuti pa mamilimita 10 alionse amene mwayenda motsata utali wa shafiti, dayamita imachepa ndi milimita 1. Nambala yoyamba ndi kuchepa kwa dayamita, ndipo yachiwiri ndi mtunda umene kuchepako kumachitikira. Choncho tepa ya 1:20 ndi yofatsa kuposa ya 1:10, chifukwa pamafunika mamilimita 20 kuti dayamita ichepe ndi milimita imodzi yomweyo, pamene tepa ya 1:5 ndi yakuthwa kwambiri.

Mfundo ziwiri zili m'tanthauzo limeneli, ndipo pafupifupi zolakwika zonse pa nkhaniyi zimabwera munthu akaiwala imodzi mwa izo. Yoyamba ndi yakuti chimene chikuchepa ndi dayamita yonse, kuchokera mbali ina ya shafiti kufika mbali inayo. Yachiwiri ndi yakuti utali umayezedwa motsata mzere wapakati wa shafiti, osati motsata khungu lopendekera la tepa.

Nanga masamu ake amayenda bwanji?

Tiyeni titchule dayamita ya mutu waukulu D, ya mutu waung'ono d, utali wa tepa L, ndipo muyezo wa tepa tiutchule C. Tepa ya 1:10 ili ndi C wa 0.1, ya 1:20 ili ndi C wa 0.05. Ubale wa zinthu zinayizi ndi uwu:

```
C = (D - d) / L
d = D - (C × L)
```

M'mawu wamba, mumayamba mwapeza kuchepa konse kwa dayamita pa utali wonse wa tepa, kenaka n'kukuchotsa pa dayamita ya mutu waukulu. Ngati tepa yalembedwa kuti 1:n, njira yachidule ndiyo kugawa utali ndi nambala yachiwiriyo, ndiye kuti d = D - L/n.

Titenge chitsanzo chimene tichigwiritse ntchito m'mafunso ambiri otsatirawa. Mwini chigayo wa ku Chadiza wabweretsa shafiti yothyoka ku Chipata kuti amusemere ina, ndipo pule yake ikadali yabwino, moti shafiti yatsopanoyo iyenera kulowa mu pule yakaleyo. Tepa ndi ya 1:10, mutu waukulu ndi mamilimita 50, ndipo utali wa tepa ndi mamilimita 80. Kuchepa konse ndi 80 kugawa ndi 10, amene ndi mamilimita 8. Tikachotsa 8 pa 50 titsala ndi 42, choncho mutu waung'ono uyenera kukhala mamilimita 42.

Musanakhulupirire yankho lililonse, libwezereni m'mbuyo. Chotsani 42 pa 50 mupeze 8, gawani 8 ndi 80 mupeze 0.1, ndipo 0.1 ndiye 1:10 amene tinayamba naye. Kutero sikutenga nthawi, pamene chitsulo cha mamilimita 50 chikasemedwa mopitirira sichingabwezeretsedwe.

Mnzanga wapeza 34 pa chitsanzo chomwechi, ndipo wina wapeza 46. Kodi asokonekera pati?

Onse awiri asokoneza kuchepa kwa dayamita ndi kuchepa kwa mbali imodzi, ndipo apa ndi pamene shafiti zambiri zimaonongekera, n'chifukwa chake tifotokoza mofatsa.

Ganizirani munthu amene akusongola mtengo wa mpanda ndi nkhwangwa mozungulira. Akachotsa kachidutswa kokhuthala ngati chala mbali iliyonse, mtengowo wachepa ndi zala ziwiri, chifukwa wadyedwa uku ndi uku. Pa makina osemera zitsulo ndi chimodzimodzi: mpeni ukalowa milimita 1, dayamita imachepa ndi mamilimita 2. Pa tepa yathu ya 1:10, kuchepa kwa mamilimita 8 ndi kwa dayamita yonse, ndipo kwagawidwa kale pa mbali ziwiri, mamilimita 4 mbali iyi ndi 4 mbali inayo. Mbali imodzi payokha ikutsetsereka ndi 4 pa 80, ndiye kuti 1 pa 20.

Amene wapeza 34 waganiza kuti 8 uja ndi wa mbali imodzi, ndipo wamuchulukitsa kawiri n'kuchotsa 16. Shafiti imene angaseme ndi ya 1:5, yakuthwa kawiri kuposa yofunikayo. Amene wapeza 46 wachita zotembenuza: wagawa 8 pakati n'kuchotsa 4 yekha pa dayamita, ndipo wapanga tepa ya 1:20. Onsewa amadziwa kuti pali nambala 2 penapake pa nkhani ya tepa, koma aiika pamalo olakwika. Pofuna dayamita ya mutu waung'ono kuchokera ku muyezo wa tepa, nambala 2 sifunika konse. Imabwera pokhapokha mukufuna ngodya yotchera makina kapena kuya kwa mpeni.

Chojambula chenichenicho chingakuthandizeni kugwira cholakwikacho. Tinene kuti kutsogolo kwa tepa ya shafiti ya chigayo ija kuli mazinga a nati a M36. Pule iyenera kudutsa pa mazingawo isanafike pa tepa, choncho mutu waung'ono uyenera kukula kuposa mamilimita 36. Yankho la 34 silingatheke, chifukwa bowo la pule likanakhala laling'ono kuposa mazinga amene liyenera kudutsapo. Yankho la 46 silioneka msanga choncho, ndipo n'chifukwa chake ndi loopsa kwambiri: limadziwika pokhapokha mwayesa pule n'kuona kuti yakana kulowa, ikungoluma kumutu kokha.

Ndingadziwe bwanji ngati chojambula chikunena za dayamita kapena za mbali imodzi?

Yang'anani chizindikiro chimene chili pafupi ndi manambalawo. Pa zojambula zotsata malamulo a ISO, tepa ya chinthu chozungulira imasonyezedwa ndi kachizindikiro kamakona atatu kofanana mbali zonse ziwiri, kamene mzere umadutsa pakati pake ndipo nsonga yake imaloza kumene dayamita ikuchepera. Kutsetsereka kwa mbali imodzi, monga kwa kiyi yokhomera ya 1:100, kumasonyezedwa ndi kachizindikiro kamene mbali imodzi ndi yogona ndipo inayo yokha ndiyo yopendekera. Pa shafiti yozungulira, muyezo wolembedwa popanda mawu ena uyenera kutengedwa kuti ndi wa dayamita.

Vuto limakhala pa zojambula za pamanja, zimene kasitomala amabwera nazo zitalembedwa pa pepala la m'kope kapena zitatumizidwa pa foni. Pamenepo musalote. Funsani kuti abweretse pule kapena shafiti yakale, chifukwa chitsulo chimene chinagwirapo kale ntchito chimathetsa mkangano umene pepala silingathetse.

Kodi utali umene ndiyenera kugwiritsa ntchito ndi uti?

Ndi utali wa gawo lopendekera lokha, kuyambira pamene dayamita D yayezedwa kufika pamene tepa ithera. Pa shafiti ya chigayo ija, kuchokera pamene tepa iyambira kufika kumapeto kwenikweni kwa chitsulo pali mamilimita 120, koma 40 mwa amenewa ndi a mazinga a nati pamodzi ndi kampata kamene kamasemedwa pakati pa tepa ndi mazinga. Amene waika tepi kuchokera kunsonga n'kulemba 120 apeza kuchepa kwa 12 ndi mutu waung'ono wa 38. Akasema kuchokera pa 50 kufika pa 38 mkati mwa mamilimita 80 aja, tepa yake sikhalanso 1:10 ayi, ikhala yoyandikira 1:6.7.

Funso lachiwiri pa utali ndi lakuti uyezedwe motsata pakati kapena motsata khungu. Lamulo ndi lotsata mzere wapakati. Pa tepa ya 1:10 kusiyana kwake n'kochepa: khungu la tepa ya mamilimita 80 ndi lotalika pafupifupi 80.1, ndipo zimenezi zimangosintha yankho ndi 0.01 ya milimita. Pa tepa zakuthwa kusiyanako kumakula, choncho ndi bwino kuzolowera njira yoyenera ngakhale pamene kulakwa sikukupweteka.

Kumbukiraninso kuti kumutu kwa tepa nthawi zambiri kumakhala kokulungidwa pang'ono kuti pule isakande polowa. Dayamita d imene masamu akupatsani ndi ya pa ngodya yakuthwa isanakulungidwe. Mukamaliza kukulunga, ngodyayo kulibenso, ndipo veniya, chida choyezera dayamita, ikaikidwa kunsonga kwenikweni iwerenga nambala yochepera 42 ngakhale shafiti ili yolondola.

Ndiye ndingayeze bwanji mutu waung'ono ngati kunsonga sikuyezeka bwino?

Yezani pamalo ena amene mtunda wake mukuudziwa, n'kugwiritsa ntchito masamu omwe aja. Njira ya d = D - L/n sigwira kumapeto kokha, imagwira paliponse pa tepa. Pa mamilimita 10 kuchokera kumutu waukulu dayamita iyenera kukhala 49, ndipo pa mamilimita 70 iyenera kukhala 43. Pakani inki pa tepa, lembani timizere tiwiri tozungulira pamalo awiriwa shafiti ikuzungulira pang'onopang'ono, imitsani makina, kenaka yezani ndi mbali yopyapyala ya milomo ya veniya pa mizere yeniyeniyo. Mizereyo yatalikirana mamilimita 60, choncho kusiyana kwa miyezo iwiriyo kuyenera kukhala mamilimita 6.

Muyezo umenewu ukuuzani zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mpofunika kuzilekanitsa. Ngati mwapeza 49.3 ndi 43.3, kusiyana ndi 6, ndiye kuti kupendekera kuli bwino ndipo chatsala ndi kuchotsa 0.3 pa dayamita. Koma ngati mwapeza 49.3 ndi 43.0, kusiyana ndi 6.3, ndiye kuti ngodya ya makina ndi yolakwika, ndipo kupitiriza kusema osaikonza kungopereka tepa yolakwika ya kukula kolondola kumutu umodzi wokha. Konzani ngodya chitsulo chotsala chikadalipo, kukula kubwere pambuyo.

Ngati shafiti ili ndi mpata wa kiyi, musayeze modutsa pa mpatapo. Tembenuzani shafiti kuti milomo ya veniya igwire pa chitsulo chathunthu mbali zonse ziwiri.

Kodi kulakwa kwa kachigawo kakang'ono ka milimita kuli ndi kanthu?

Kuli ndi kanthu kwambiri, chifukwa tepa imasandutsa kulakwa kwa dayamita kukhala kusuntha kwa pule motsata shafiti, ndipo imakuchulukitsa. Pa 1:10, shafiti ikachepa ndi 0.1 ya milimita, pule imalowa milimita 1 yathunthu kupitirira pamene inayenera kuima. Pa 1:20 imalowa mamilimita 2. Shafiti yochepa ndi theka la milimita pa 1:10 imalola pule kulowa mamilimita 5.

Zotsatira zake zimaoneka pa chigayo. Pule imachoka pamzere umodzi ndi pule ya injini, malamba amayenda mopotoka, amatentha ndi kudyeka m'mbali. Choipa kwambiri ndi pamene pule yalowa mpaka mutu waung'ono wa tepa watulukira kunja kwa nkhope ya pule. Zikatero washala ndi nati zimakakhala pa phewa la shafiti m'malo mokankha pule, ndipo mmisiri amamva nati italimba m'manja pamene pule ili yosagwira. Katundu yense amatsala pa kiyi, kiyiyo imayamba kugogoda, ndipo mpata wake umakula mpaka shafiti kung'aluka pamalo pomwepo. Chizindikiro chake ndi fumbi lofiira ngati dzimbiri lotuluka pakati pa pule ndi shafiti.

Pachifukwa chimenechi pule ikakhala pamalo ake, nkhope yake iyenera kupitirira mutu waung'ono wa tepa ndi mamilimita angapo. Mtunda umenewu ndi wosavuta kuyeza ndi kamchira ka veniya, ndipo ndi njira yabwino yodziwira chitsulo chotsala. Ngati pule ikuima mamilimita 4 isanafike pamene ikufunika, pa 1:10 mwatsala ndi 0.4 pa dayamita, ndiye kuti mpeni ulowe 0.2 yokha.

Kodi mutu waung'ono wa bowo la pule ndi wofanana ndi wa shafiti?

Si nthawi zonse, chifukwa utali wa pule ndi wa tepa ya shafiti sizifanana kawirikawiri. Tinene kuti pule ili ndi bowo lotalika mamilimita 78, ndipo ikakhala bwino imaima mamilimita 5 isanafike pamene shafiti ili 50. Kukamwa kwakukulu kwa bowolo ndi 50 kuchotsa 0.5, amene ndi 49.5, ndipo kukamwa kwakung'ono ndi 49.5 kuchotsa 7.8, amene ndi 41.7. Pule imeneyi ikupitirira mutu waung'ono wa shafiti ndi mamilimita 3, monga momwe ziyenera kukhalira. Amene wayeza 41.7 pa pule n'kuisandutsa d ya shafiti pa utali wa 80 wasintha muyezo wa tepa mosadziwa. Dayamita iliyonse pa tepa ili ndi malo ake, ndipo nambala ya dayamita yopanda malo amene inayezedwa singagwiritsidwe ntchito.

Nanga tepa ikalembedwa mwa njira ina, monga 7:24 kapena mainchi pa futi?

Masamu sasintha, mumangoyamba mwasandutsa muyezowo kukhala C. Tepa ya 7:24, imene imapezeka pa zogwirira mipeni ya makina a milingi, imatanthauza kuchepa kwa 7 pa 24 aliyense, choncho pa utali wa mamilimita 48 dayamita imachepa ndi 14. Tepa ya 1:12, imene imapezeka m'mabowo a maberingi okhala pa silivu yomangira, imachepa ndi 3.75 pa mamilimita 45, moti mutu waukulu wa 60 umapereka waung'ono wa 56.25.

Makina akale a ku Britain ndi ena a ku America amalemba tepa m'mainchi pa futi imodzi. Popeza futi ili ndi mainchi 12, gawani nambalayo ndi 12. Tepa ya 3/4 ya inchi pa futi ndi 0.75 kugawa ndi 12, amene ndi 0.0625 kapena kuti 1:16. Shafiti ya mainchi 1.5 yokhala ndi tepa imeneyi pa utali wa mainchi 4 imachepa ndi 0.25, ndipo mutu waung'ono ndi mainchi 1.25. Mukafuna kugwira ntchito m'mamilimita, inchi imodzi ndi mamilimita 25.4 ndendende, choncho D ndi 38.1, L ndi 101.6, kuchepa ndi 6.35, ndipo d ndi 31.75. Muyezo wa 1:16 susintha kaya mukuyeza m'mainchi kapena m'mamilimita. Chimene chimaononga ndi kusakaniza, monga kuyeza utali m'mamilimita n'kuuchulukitsa ndi 0.75 osagawa ndi 12.

Kodi tepa ya Morse ndi 1:20?

Tepa imeneyi, imene imapezeka pa madirilo ndi zogwirira zake, ndi yoyandikira 1:20, koma si ndendende, ndipo nambala iliyonse ya Morse ili ndi muyezo wakewake. Morse 2 ndi 1:20.020, Morse 3 ndi 1:19.922, ndipo Morse 4 ndi 1:19.254. Pa Morse 4, utali wa mamilimita 100 umapereka kuchepa kwa 5.19, osati 5.00, ndipo kusiyana kwa pafupifupi 0.2 ya milimita n'kokwanira kuti chogwirira dirilo chigwire kumutu umodzi wokha n'kumagwedera kapena kugwa. Posema tepa ya Morse tengani muyezo weniweni pa tebulo lake, ndipo musaufupikitse pa kakyuleta mpaka mutafika pa yankho lomaliza.

Ndikapeza d, ndingatchere bwanji makina kuti nambalayo ituluke?

Pa tepa yaifupi ngati yathuyi, njira yabwino ndiyo kupotoza kompaundi, kachonyamulira mpeni kapamwamba kamene kamazungulira pa madigiri. Apa ndi pamene nambala 2 ija imabwerera, chifukwa mpeni umadya mbali imodzi yokha ndipo kompaundi imatcheredwa pa theka la ngodya ya tepa:

```
tan(θ) = (D - d) / (2 × L)
tan(θ) = 8 / 160 = 0.05
θ = 2.862° (2° 51' 45")
```

Ngodya yonse ya tepa ya 1:10 ndi pafupifupi madigiri 5.72. Amene watchera kompaundi pa 5.72 abwerera ku cholakwika cha 34 chija kudzera pa khomo lina.

Timizere ta madigiri ta pa kompaundi sitingathe kusonyeza 2.862, ndipo pali chizolowezi choipa chongoika pa madigiri 3 n'kunena kuti zayandikira. Pa madigiri 3, utali wa 80 umachepa ndi 8.39, moti mutu waung'ono umatuluka 41.61 m'malo mwa 42. Pule igwira kumutu waukulu kokha, ndipo kumutu waung'ono kutsala mpata wa pafupifupi 0.4 ya milimita pa dayamita. Ndi bwino kugwiritsa ntchito timizereto poyambira chabe, kenaka kumaliza ndi geji ya wotchi. Mangani gejiyo pamalo a mpeni, nsonga yake ikhudze m'mbali mwa chitsulo chimene mwasema kale mowongoka, pa msinkhu weniweni wa pakati. Yendetsani kompaundi mamilimita 60, ndipo singano iyenera kusuntha mamilimita 3, kapena kunena mosamala kwambiri 2.996. Gogodani kompaundi pang'onopang'ono mpaka nambalayo ituluke, mangani mabawuti ake, n'kuyezanso, chifukwa kumanga kumatha kuisuntha.

Mpeni nawonso uyenera kukhala pa msinkhu wa pakati penipeni. Ukakwera kapena kutsika, khungu la tepa silituluka lowongoka ndipo ngodya imasintha pang'ono ngakhale kompaundi itatcheredwa bwino.

Bwanji osangosuntha telositoko?

Telositoko ndi mbali ya makina imene imagwira chitsulo kumapeto kwake ndi senta, ndipo kuisunthira pambali ndi njira ya tepa zazitali ndi zofatsa. Mtunda wosunthira ndi utali wa chitsulo chonse pakati pa masenta kuchulukitsa ndi C, n'kugawa ndi 2. Onetsetsani kuti pano utali ndi wa chitsulo chonse, osati wa tepa yokha. Pa chitsulo cha mamilimita 400 ndi tepa ya 1:50, imene ndi ya mapini okhomera, telositoko isuntha mamilimita 4, ndipo zimenezi n'zotheka. Pa chitsulo chomwecho ndi tepa ya 1:10 pafunika mamilimita 20, amene ndi ochuluka kwa makina ambiri ndipo amachititsa kuti masenta asakhale bwino m'mabowo ake. Pa shafiti ya chigayo ija kompaundi ndiyo yoyenera, malinga ili ndi ulendo wopitirira mamilimita 80 kuti tepa isemedwe yonse popanda kulumikiza pakati.

Ngati palibe chojambula, ndipo shafiti yakale ndi yodyeka, ndingaudziwe bwanji muyezo wa tepa?

Gwiritsani ntchito njira ya timizere tiwiri ija pamalo amene sanadyeke, ndipo mutalikitse mizereyo momwe mungathere, chifukwa kulakwa kwa veniya kumachepa mphamvu mtunda ukatalika. Pa mamilimita 60, tepa ya 1:10 imapereka kusiyana kwa 6.00, ya 1:12 imapereka 5.00, ya 1:16 imapereka 3.75, ndipo ya 1:20 imapereka 3.00. Manambalawa ndi otalikirana mokwanira kuti veniya wamba iwasiyanitse. Mukapeza 5.9 kapena 6.1, tepa ndi 1:10 ndipo chotsalacho ndi kudyeka kapena kutsetsereka kwa veniya. Musaseme 1:9.8 chifukwa choti kakyuleta yatero, popeza fakitale imene inapanga makinawo inatsata muyezo wodziwika.

Mukadziwa muyezo, tengani D pamalo amene pule sinkafika, chifukwa ndi pamene chitsulo chinatsala monga chinapangidwira, ndipo d mumupeze ndi masamu. Kuyeza d pa shafiti yodyeka n'kukopera kuonongeka kwake. Pali chenjezo limodzi lokhudza makina amene anakonzedwapo kale kumudzi mwa kuwotcherera ndi kupala ndi failo, zimene zimachitika kawirikawiri pa zigayo zakutali ndi tauni: shafiti yotero singakuuzeni kanthu kodalirika, ndipo muyenera kutsata bowo la pule. Ngati bowolo nalonso ndi lodyeka, lisemedwe kaye kukhala tepa yoyera, kenaka shafiti isemedwe molitsata, ndipo D ndi d zonse zikwere mofanana.

Kodi manambala akagwirizana ndiye kuti ntchito yatha?

Patsala kuyesa zitsulo ziwirizo pamodzi, chifukwa veniya imangoyeza malo awiri pamene pule iyenera kugwira utali wonse. Chotsani kiyi, pukutani tepa ndi bowo, ndipo pakani buluu woyesera mopyapyala kwambiri pa shafiti. Ngati buluu palibe, mizere itatu ya choko kapena ya cholembera cha inki motsata utali wa tepa, yotalikirana mofanana kuzungulira shafiti, imathandiza. Lowetsani pule ndi dzanja, itembenuzeni pang'ono uku mukuikankha, n'kuitulutsa mowongoka.

Mizere ikafufutika kumutu waukulu kokha, tepa ya shafiti ndi yakuthwa kwambiri, kutanthauza kuti d ndi yaing'ono poyerekeza ndi D, ndipo ngodya ya kompaundi ichepetsedwe. Ikafufutika kumutu waung'ono kokha, d ndi yaikulu, ndipo ngodya iwonjezedwe pang'ono. Ikafufutika pakati pokha kapena kumapeto kuwiri kokha, khungu si lowongoka, ndipo muyenera kuyang'ana msinkhu wa mpeni komanso kulimba kwa kompaundi. Kuyesa koyamba kuchitike pule ikadatsala ndi mamilimita 5 kapena kuposerapo kuti ifike pamalo ake, chifukwa pa 1:10 zimenezi zikukusiyirani theka la milimita pa dayamita lokonzera ngodya. Mizere ikafufutika mofanana kuchokera kumutu kufika kumutu, musakhudzenso kompaundi: chotsani chitsulo chotsalacho ndi kayendedwe kopingasa ka mpeni kokha, mukuyeza mtunda wa pule pambuyo pa kudula kulikonse. Pomaliza bwezerani kiyi, lowetsaninso pule, ndipo onani kuti yaima pamalo omwe inaima kiyi isanaikidwe. Ikaima isanafike pamalowo, kiyi ndi yokwera kwambiri ndipo ikunyamula pule pamwamba pa tepa, choncho msana wake upalidwe mpaka pule ibwerere pa muyezo wake woyamba.